Fomu yofunsira ntchito ikasokoneza zimene zili mu CV yanu: mmene ATS imawerengera fayilo ndi mmene mungakonzere

Vutoli limaonekera pa nthawi imodzimodzi pafupifupi kwa aliyense. Mwapeza ntchito imene yalengezedwa pa intaneti, mwalembetsa pa tsamba la kampani kapena la bungwe, mwaikapo fayilo ya CV yanu, ndipo tsambalo lanena kuti lidzaza lokha fomu pogwiritsa ntchito zimene zili m'fayilomo. Fomuyo ikatseguka mupeza kuti pamalo a dzina lanu palembedwa Curriculum Vitae, pa nambala ya foni palibe kanthu, sukulu imene munaphunzirako yalowa m'malo mwa kampani imene munagwirako ntchito, ndipo zaka za ntchito imodzi zapita ku ntchito ina. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti netiweki yavuta, choncho amachotsa fayiloyo n'kuiikanso, koma zotsatira zake zimakhala zomwezo ngakhale atabwereza kakhumi, chifukwa cholakwikacho chili m'kati mwa fayilo.

Makampani aakulu ambiri ndi mabungwe ambiri a mayiko osiyanasiyana salandira makalata ofunsira ntchito pa imelo wamba. Amagwiritsa ntchito mapulogalamu otchedwa ATS, amene amasunga dzina la aliyense wofunsira ntchito ndi kulondola pamene pempho lake lafika, ndipo ena odziwika mwa iwo ndi Workday, Taleo, SuccessFactors, iCIMS, Greenhouse ndi Lever. Wofunsira ntchito wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni amakumana ndi mapulogalamu omwewa akafunsira ntchito ku bungwe loterolo. Si onse amene amawerenga mofanana, ndipo ambiri amabwereka mbali yowerengera CV kwa makampani ena amene ntchito yawo ndi yomweyo, monga Textkernel ndi Daxtra. Komabe kayendedwe ka ntchitoyo n'kofanana, ndipo mukakamvetsa mudzatha kupeza nokha pamene fayilo yanu ikulakwira.

Zimene zimachitika fayilo ikangolowa

Munthu akayang'ana CV amaona tsamba lonse nthawi imodzi. Amadziwa kuti mawu aakulu a pamwamba ndi dzina, kuti chaka chimene chili kumanzere ndi cha ntchito imene ili kumanja kwake, ndiponso kuti danga lopapatiza la m'mbali ndi nkhani ina. Pulogalamu yowerengayo nthawi zambiri siyambira pa maonekedwe. Choyamba imasolola mawu onse m'fayilo n'kuwandandalika ngati chingwe chimodzi chachitali, liwu pambuyo pa liwu, mzere pambuyo pa mzere. Kenako imaduladula chingwecho pofufuza mitu imene imaidziwa, monga Work Experience, Education ndi Skills. Pomaliza imalowa m'chigawo chilichonse n'kuyamba kulingalira kuti ili ndi dzina la udindo, ili ndi dzina la kampani, awa ndi madeti, ndipo imamangirira pamodzi zinthu zimene zayandikana pa chingwecho.

Nkhani yonse yagona pa sitepe yoyambayo. Mawu akatuluka mosokonekera pamenepo, masitepe otsatirawo amagwira ntchito yawo molondola pa zinthu zolakwika, ndipo zinthu ziwiri zimene zinayandikana papepala zikhoza kutalikirana ndi mizere makumi awiri pa chingwe.

Fayilo ya Word ndi ya PDF zimasunga mawu mosiyana kwambiri. Fayilo ya `.docx` kwenikweni ndi mtolo wa timafayilo tambiri tomangidwa pamodzi, ndipo mukhoza kuona zimene zili m'kati mwake polemba lamulo ili mu Terminal ya Mac kapena Linux:

```
unzip -l cv.docx
```

Mawu a pakati pa tsamba amakhala mu `word/document.xml`, koma zimene munalemba mu Header ndi Footer zimakhala m'timafayilo tapadera monga `word/header1.xml` ndi `word/footer1.xml`. Pulogalamu imene imangotsegula kafayilo koyambako sidzaona dzina kapena nambala ya foni imene munaika mu Header, ngakhale kuti pa sikirini yanu zikuoneka bwinobwino pamwamba pa tsamba lililonse. Tebulo nalonso limasungidwa motsatira dongosolo lake: mzere woyamba, kabokosi koyamba ka mzerewo ndi mawu ake onse, kenako kabokosi kachiwiri, mpaka mzere utatha ndiye kupita pa wotsatira.

PDF ndi yovutirapo, chifukwa anaipanga kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse pamene lasindikizidwa, osati kuti makina azimvetsa kuti ndime ikuyambira pati. M'kati mwake muli malangizo onga awa:

```
BT /F1 11 Tf 72 700 Td (Accountant) Tj ET
```

Tanthauzo lake n'lakuti liwulo lijambulidwe ndi fonti yakutiyakuti, pa mtunda wa mapointi 72 kuchokera kumanzere ndi 700 kuchokera pansi, pa tsamba la A4 limene m'lifupi mwake ndi mapointi 595 ndipo m'litali ndi 842. M'malangizowa mulibe chonena kuti liwulo ndi mutu, kapena kuti lili m'danga lachiwiri. Ngakhale mpata wa pakati pa mawu awiri nthawi zina sulembedwa n'komwe, pulogalamu yowerenga imachita kuyeza kutalikirana kwa zilembo n'kuganiza kuti apa liwu latha. Choncho yowerengayo imasankha pakati pa njira zingapo: kutsatira ndondomeko imene mawuwo anajambulidwira m'fayilo, kudutsa tsamba mopingasa kuchokera kumanzere kupita kumanja, kapena kuyesa kuzindikira madanga. Pa tsamba la danga limodzi njira zonsezi zimapereka zofanana. Zimayamba kusiyana madanga akakhala awiri.

CV imodzi imene ndinaikonza

Mayi wina wowerengera ndalama anabwera ndi dandaulo lakuti fomu iliyonse imene ankadzaza inkaonetsa kuti wagwira ntchito zaka ziwiri zokha, chikhalirecho anagwira zaka 8, kuyambira mu 2016 mpaka mu 2024. CV yawo anachita kukalembetsa pa kashopu kena kotaipira ndi kusindikiza makalata, ndipo kunena zoona inali yaudongo: zaka kumanzere, maudindo kumanja, chilichonse chili pamalo ake.

Nditaitsegula mu Word ndinadina pakati pa chigawo cha ntchito, ndipo pakona ya kumanzere panatulukira kamtanda kakang'ono kamene kamasonyeza kuti pali tebulo. Wotaipayo anabisa mizere yake kuti lisaoneke. Nditasindikiza `Ctrl+Shift+8` kuti zizindikiro zobisika zionekere, ndinapeza kuti tebulolo linali la mzere umodzi wokha wa timabokosi tiwiri. Zaka zonse zinali m'kabokosi ka kumanzere, ndipo anazikankhira pansi ndi batani la Enter kangapo kuti chaka chilichonse chiyang'anizane ndi udindo wake wa m'kabokosi ka kumanja. Mawu osololedwa m'fayiloyo anatuluka motere, ndangosintha mayina a makampani:

```
2021 - 2024
2018 - 2021
2016 - 2018
Accountant
Kampani A, Blantyre
Assistant Accountant
Kampani B, Blantyre
Accounts Clerk
Kampani C, Zomba
```

Apa zonse zinamveka. Madeti oyandikana kwambiri ndi liwu lakuti Accountant ndi a 2016 mpaka 2018, choncho pulogalamu inapereka zaka za ntchito yawo yoyamba ku udindo wawo waukulu, ndipo maudindo awiri otsalawo anakhala opanda madeti. Wolemba anthu ntchito akanafufuza m'nkhokwe ya pulogalamuyo anthu odziwa ntchito kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, mayiwa akanatha kusaoneka, kapena akanaoneka ngati munthu amene wakhala pakhomo kuyambira mu 2018.

Panali vuto lina laling'ono. Dzina lawo, foni ndi imelo zinali mu Header, ndiye mawu oyamba pa chingwe anali CURRICULUM VITAE, amene anthu ambiri kwathu kuno amakonda kuwalemba ndi zilembo zazikulu pamwamba. Pulogalamu imayembekezera dzina la munthu m'mizere yoyambirira, ndiye inatenga zimene inapeza.

Pokonza, Word ili ndi lamulo la Convert to Text limene limapezeka pansi pa Layout mukadina m'tebulo, koma pa fayilo iyi silikanathandiza, chifukwa limachotsa tebulo n'kusiya mawu m'ndondomeko yolakwika yomweyo. Ndinalembanso chigawocho ndi manja kunja kwa tebulo, ntchito iliyonse payokha, yaposachedwa pamwamba:

```
Accountant
Kampani A, Blantyre
March 2021 - June 2024
```

Pansi pake panabwera mizere inayi yofotokoza zimene ankachita, kenako mpata, kenako ntchito yotsatira m'kalembedwe komweko. Dzina ndinalitsitsira pa mzere woyamba wa tsamba lenilenilo, foni yoyamba ndi +265 ndi imelo pa mzere wachiwiri, ndipo mawu akuti Curriculum Vitae ndinawachotseratu, popeza palibe amene angaganize kuti pepalalo ndi chinthu china. Titaiikanso, fomu inadzaza ntchito zonse zitatu ndi madeti ake, ndipo chokhacho chimene tinakonza ndi manja chinali dzina la koleji, limene silinali pa mndandanda wa masukulu a m'pulogalamuyo.

Mwina mwaona kuti ndinalemba dzina la mwezi m'malo mwa manambala. Deti ngati 03/04/2021 kwathu ndi 3 Epulo, koma pulogalamu yokonzedwera ku America ikhoza kuliwerenga ngati 4 Malichi, ndipo kungolemba chaka chokha kumachititsa kuti makina aganizire okha mwezi woyambira.

Sikuti tebulo lililonse n'loipa

Malangizo ofala amati musaike tebulo ngakhale limodzi, ndipo sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa ndi njira yosavuta yopewera mavuto. Koma zoona zake n'zakuti tebulo limene mzere uliwonse uli ndi nkhani yathunthu, monga chaka, satifiketi ndi sukulu pa mzere umodzi, nthawi zambiri limawerengeka bwino, popeza zinthu zogwirizanazo zimatsatizanabe pa chingwe. Limene limaononga ndi tebulo logwiritsidwa ntchito ngati mafelemu a tsamba lonse, la timabokosi tolumikizidwa, kapena la tebulo lina m'kati mwa kabokosi.

CV ya madanga awiri, ya kadanga kamtundu m'mbali kokhala ndi maluso ndi zilankhulo, imalakwika mwanjira ina ikakhala PDF. Yowerenga ikadutsa tsamba mopingasa imaphatikiza mizere ya madanga onse awiri:

```
SKILLS WORK EXPERIENCE
Sage Accountant
Excel Kampani A, Blantyre
```

Mutu wa chigawo cha ntchito wasakanikirana ndi wa maluso, ndipo udindo wasanduka Sage Accountant, umene munthuyo sanaugwirepo. Chodabwitsa n'chakuti kuwerenga kopingasa komweku kukanakonza CV ya mayi aja, pamene kuno kukuononga. N'chifukwa chake fayilo imodzi imadzaza bwino fomu ya bungwe lina n'kusokonekera pa ya bungwe linzake, ndipo inu simungadziwiretu kuti fayilo yanu ikumana ndi yowerenga iti.

Mabokosi a mawu, amene Word imawatchula Text Box, amasungidwa ngati chojambula chomangirira pa ndime inayake. Mapulogalamu ena amawadumpha, ena amawatulutsa pamalo pamene anamangiriridwa ngakhale kuti papepala ali kwina, ndipo poti Word kawirikawiri imasunga bokosi limodzi m'mitundu iwiri pofuna kuthandiza mapulogalamu akale, ena amatulutsa mawu ake kawiri.

Zithunzi ndi zokongoletsa

Apa nkhani ndi yachidule: chithunzi chilibe mawu. Timizere todzaza theka tosonyeza kuti Excel mumaidziwa bwanji, nyenyezi zinayi mwa zisanu pa Chingelezi, ndi dzina lolembedwa mwaluso ngati chizindikiro cha kampani, zonsezi zimasowa pa chingwe. Tizithunzi ta foni ndi envulopu timatuluka ngati timabokosi topanda kanthu kapena zilembo zachilendo, ndipo kachizindikiro koteroko kakamatirira ku imelo yanu kakhoza kuilepheretsa kuzindikirika. Ngati luso lanu lili ndi mlingo, ulembeni m'mawu.

Vuto lalikulu kuposa onsewa, limene ndimakumana nalo kawirikawiri, ndi CV yosikanidwa. Munthu amasindikiza CV, amaisayina, kenako amaijambula ndi foni kapena kuisikana pamodzi ndi masatifiketi, n'kupeza fayilo ya PDF. Dzina lake ndi PDF ndithu, koma m'kati mwake muli zithunzi za mapepala basi. Mapulogalamu ena ali ndi OCR, njira yozindikira zilembo pa chithunzi, koma ena alibe, ndipo ngakhale pamene ilipo imasokoneza 0 ndi O kapena 1 ndi l. Zikatero m'mawu wamba palibe chovuta chachikulu, koma chilembo chimodzi chikalakwika mu imelo, kalata yokuitanani ku mayeso siidzakupezani. Masatifiketi asikaneni, ali ndi malo awoawo pa fomu, koma CV ichokere mu Word mwachindunji kudzera pa Save As.

Palinso zolakwika za zilembo zimene diso silingazione. Mitu yotalikitsa zilembo pofuna kukongoletsa imatha kutuluka ngati E D U C A T I O N, ndipo pulogalamu siizindikiranso kuti ndi mutu, choncho maphunziro onse amagwera m'chigawo cha pamwamba pake. Mafonti ena amalumikiza zilembo za fi ndi ffi kukhala chizindikiro chimodzi, ndipo PDF ikapanda kusunga tanthauzo la chizindikirocho, liwu lakuti Officer limatuluka ngati `O cer`, moti wofufuza Finance Officer sakupezani. Chilembo chathu cha ŵ nachonso chimafuna kusamala. Mapulogalamu ambiri amachilandira, koma ena amachisandutsa funso kapena amaona Malaŵi ndi Malawi ngati mawu awiri osiyana, choncho pa adiresi ya m'CV ine ndimalemba w wamba.

Kuyeza fayilo musanaitumize

Simufunika kugula chilichonse kuti muone chingwe cha fayilo yanu. Tsegulani PDF pa kompyuta, sindikizani `Ctrl+A` kenako `Ctrl+C`, tsegulani Notepad ndi kusindikiza `Ctrl+V`. Ngati ndi fayilo ya Word, pangani kope lake kudzera pa Save As posankha Plain Text, ndipo mutsegule kopelo. Werengani zimene zatulukazo kuyambira pamwamba mpaka pansi ngati kuti CV simunaionepo, ndipo mudzifunse ngati dzina lili pa mzere woyamba, ngati foni ndi imelo zilipo zathunthu, ngati mutu uliwonse uli pa mzere wakewake, ndiponso ngati madeti ali pafupi ndi ntchito yake. Kenako fufuzani ndi `Ctrl+F` mawu atatu kapena anayi ofunika a m'chilengezo cha ntchitoyo, makamaka okhala ndi fi.

Notepad ikakhala yopanda kanthu, fayiloyo ndi chithunzi. Chenjerani pang'ono apa, chifukwa mafoni ndi mapulogalamu ena atsopano amazindikira okha zilembo za pa chithunzi n'kukulolani kuzikopa, ndiye mukhoza kupusitsika. Kulitsani tsambalo kwambiri: zilembo zenizeni zimakhalabe zakuthwa m'mphepete, pamene za chithunzi zimayamba kuchita chimbuuzi.

Amene ali ndi zida zounikira PDF zotchedwa Poppler pa kompyuta yawo angathe kuona njira zosiyanasiyana zowerengera fayilo imodzi:

```
pdftotext -raw cv.pdf -
pdftotext -layout cv.pdf -
pdffonts cv.pdf
```

Lamulo loyamba limatsatira ndondomeko imene mawu anajambulidwira m'fayilo, ndipo lachiwiri limayesa kusunga malo awo a papepala. Zotsatira ziwirizi zikakhala ndi ndondomeko yofanana, mawu a fayilo yanu ayenera kutuluka bwino pa zowerenga zambiri. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti tsogolo la pempho lanu ladalira mtundu wa yowerenga imene bungwelo linagula. Lamulo lachitatu limaonetsa mafonti. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu fayiloyo ndi chithunzi, ndipo mukaona `no` pansi pa mutu wa `uni` yang'anitsitsani mawu a fontiyo, ngakhale kuti nthawi zina amatuluka bwinobwino.

Mayesowa ali ndi malire ake. Notepad si Workday, ndipo imangokuonetsani sitepe yoyamba, osati mmene pulogalamu idzagawire zigawo. Pa chifukwa chimenechi mitu ikhale yodziwika: Work Experience imazindikirika, pamene My Journey ikhoza kudutsidwa. Ngati mukufuna kuti madeti aoneke kumanja kwa udindo, gwiritsani ntchito batani la Tab pa mzere womwewo, osati tebulo kapena mipata makumi atatu. Pa funso lakuti mutumize `.docx` kapena PDF, tsatirani zimene chilengezo chanena. Chikakhala chete, CV ya danga limodzi imawerengeka bwino m'mitundu yonse iwiri, ndipo mukasankha PDF siyani chizindikiro pa Document structure tags for accessibility pansi pa Options, chifukwa chimaika m'fayilo zolozera zosonyeza mitu, ndime ndi ndondomeko yowerengera.

Mukakonza zonse koma osayankhidwabe

Anthu ambiri amakhulupirira kuti makina amataya CV yawo munthu asanaione n'komwe. Pa mapulogalamu ambiri fayilo yanu yeniyeni imasungidwa pambali pa zimene zasololedwazo, ndipo wolemba ntchito akhoza kuitsegula. Kuwerenga kolakwika kumakupwetekani mwakachetechete: simutuluka pamene akufufuza ndi mawu, kapena mumaoneka ndi zaka zochepa pa mndandanda wa anthu mazana angapo umene munthu wotopa akuuyang'ana mofulumira. Kukana kwa nthawi yomweyo, kumene kalata yake imafika patangopita maola ochepa, kawirikawiri kumachokera pa mafunso a pa fomu, monga lakuti muli ndi digiri, muli ndi chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo, kapena mwakwanitsa zaka zimene akufuna. Kusintha fonti sikungathandize pamenepo.

Ena amalangiza kubisa mawu a m'chilengezo powalemba ndi mtundu woyera kuti makina awaone koma munthu asawaone. Kumbukirani kuti pa chingwe palibe mitundu, ndiye mawu obisikawo amaonekera poyera pa sikirini ya wolemba ntchito.

Fomu ikadzaza yokha, musathamangire batani la Submit. Zimene zili m'timabokosi ta fomuyo n'zimene zimalowa m'nkhokwe, choncho werengani kabokosi kalikonse ndi kukonza ndi manja dzina la udindo, mwezi ndi chaka, makamaka kachizindikiro konena kuti mukugwirabe ntchito pamalopo, kamene kawirikawiri kamatsala kosadinidwa. Mapulogalamu ena amasunga zimene munadzaza koyamba n'kuzigwiritsanso ntchito pa pempho lililonse latsopano ku bungwe lomwelo, moti ngati munaikapo kale CV yosokonekera, kuika yatsopano sikukwanira. Lowani pa mbiri yanu ya pa tsambalo, chotsani ntchito ndi maphunziro amene analowa molakwika, ndiyeno muike fayilo yokonzedwayo.